Pa khadi amawerenga, m'buku amakakamira: kukonza vuto la makadi a mawu achingelezi kwa mwana wa zaka 6

Mumuonetsa khadi lolembedwa *said*, mwana atchula musanamalize n'kulikweza komwe. Mulu wonse wa makadi audutsa osapunthwa. Koma mukamutsegulira kabuku, mawu omwewo ali pakati pa chiganizo, amangoti duu kuwayang'ana ngati sanawaonepo, kapena amanena *sad* n'kumapitirira. Kwa ana ena vutoli limabwera mwa mtundu wina: Lachisanu ankawadziwa onse, pofika Lolemba theka lauluka. Makolo ndi aphunzitsi ambiri zikatere amawonjezera makadi ndi nthawi yobwereza, ndipo nthawi zambiri zimangoipiraipira, chifukwa chimene mwanayo waloweza si mawu koma khadi.

Mwana wa msinkhu umenewu amagwira chizindikiro chilichonse chimene chingamufikitse msanga pa yankho. Khadi lopindika pangodya ndi *the*. Lolembedwa ndi inki yofiira ndi *you*. Limene limabwera pambuyo pa *you* nthawi zonse ndi *was*. Lalitali loyamba ndi *w* ndi *where*. Zonsezi zimagwira ntchito pa makadi khumi, koma m'buku mulibe ngodya yopindika, ndipo mawu oyamba ndi *w* ndi ambirimbiri. Kuti mawu akhazikike mpaka mwana aziwazindikira paliponse, ayenera kulumikiza maliwu amene akumva m'mawuwo ndi malembo amene akuona, limodzi ndi limodzi, motsatira ndondomeko yake. Katswiri wa ku Amereka wofufuza za kuwerenga, Linnea Ehri, ndi amene analongosola bwino zimenezi, ndipo zimakhudzanso mawu osatsata lamulo la katchulidwe. Nawonso samalowa m'mutu ngati chithunzi.

Yambani ndi kupatula mulu

Makadi ambiri amene amagulitsidwa kapena kusindikizidwa amachokera pa mndandanda wa mawu 220 umene Edward Dolch anatulutsa ku Amereka mu 1936. Iye anasankha mawu opezeka kawirikawiri m'mabuku a ana, osati mawu osatheka kuwawerenga polumikiza maliwu. N'chifukwa chake pa mndandandawo pali *and*, *in*, *it*, *can*, *not*, *big* ndi *run*, mawu amene mwana wodziwa maliwu a malembo angawerenge yekha. Achotseni mu mulu. Mukawaika pa makadi oloweza, mukumuphunzitsa mwana kuti asiye luso limene ali nalo n'kuyamba kulosera.

Otsalawo ndiwo athu: *the, said, was, of, you, they, come, some, one, are, were, where, to, do* ndi anzawo. Ku Mangalande, ndondomeko ya maphunziro ya boma imatchula mawu 45 otere oti ana a zaka 5 mpaka 6 aphunzire m'chaka chonse cha sukulu. Onani chiwerengerocho, muonenso nthawi yake. Ngati mwana wanu wanyamula makadi atsopano khumi pa sabata, gawo la vuto lili pomwepo.

Mayeso a mphindi zisanu

Koma musanasinthe kalikonse, ngakhale kupatula muluko, fufuzani kuti mwana akudziwa chiyani kwenikweni. Lembaninso mawu onse pa timapepala toyera tofanana kukula, ndi cholembera chimodzi, m'malembo aang'ono, popanda chithunzi. Sakanizani. Muonetseni kamodzikamodzi, muziwerenga chamumtima mpaka zitatu. Akatchula molondola masekondi atatu asanathe, kapepalako kapite kumanja. Akachedwa kapena kulakwitsa, kumanzere. Pa nthawi ya mayesoyi musamukonze, ndipo nkhope yanu isamuuze kanthu, pakuti ana amawerenga nkhope mofulumira kuposa malembo. Chofunika koposa n'choti mulembe zimene wanena pa mawu aliwonse amene walakwitsa. Kungochonga kuti walakwa sikukuuzani chilichonse, pamene zimene wanenazo zimakuonetsani pamene maso ake anali.

Kenako tengani mawu a kumanja muwaike m'ziganizo zazifupi zimene mawu ena onse ndi osavuta, monga *The dog was hot* kapena *Sam said no*. Pomaliza mutchulireni mawu asanu alembe yekha.

Tiyerekeze mtsikana wa zaka 6 amene ali ndi makadi 20 ndipo pa makadi ake akale amakhoza onse. Pa timapepala toyera wakhoza 12. Mwa asanu ndi atatu olakwikawo, anayi ndi *and*, *can*, *went* ndi *big*, ndipo pa *went* wanena *want*, pomwe pa *can* wanena *come*. Anayi enawo ndi awa: pa *was* wanena *saw*, pa *of* wanena *for*, pa *they* wanena *the*, pa *said* wangokhala chete. Mutamuuza kuti alembe *said* walemba *sed*.

Mayankho amenewa akufotokoza zambiri. *Want* m'malo mwa *went*, *come* m'malo mwa *can*, ndi *the* m'malo mwa *they* zikusonyeza chizolowezi chimodzi: amaona lembo loyamba kapena awiri oyamba, n'kutola mawu aliwonse amene akuwadziwa oyamba choncho. Maso ake safika kumapeto. *Saw* m'malo mwa *was* ndi *for* m'malo mwa *of* zikusonyeza kuti malembo akuwazindikira koma ndondomeko yake sakuisamala. Ndipo *sed* ndi nkhani yabwino, ngakhale ikuoneka ngati cholakwa. Mwanayu akumva maliwu atatu onse m'mawuwo ndipo wawalemba motsatana bwino. Chimene sanauzidwe n'chakuti liwu lapakatilo pano limalembedwa *ai*. Ntchito yotsala ndi ya malembo awiri, osati mawu athunthu.

Kuphunzitsanso mawu amodzi

Tikhale kaye pa *said*, chifukwa njira yake ndi yomweyo pa mawu ena onse.

Khadi libisike poyamba. Tchulani mawuwo, muwaike m'chiganizo, mwana abwereze. Kenako muwerenge naye maliwu pa zala: *s*, kenako liwu la *e* monga la mu *bed*, kenako *d*. Atatu. Apa pali msampha kwa ife amene tinazolowera kuti phatikizo lililonse limathera pa a, e, i, o kapena u. Pakamwa pathu mawuwa amafuna kutuluka ngati "sedi", ndipo mwana akamva choncho awerenga maliwu anayi n'kumafunafuna lembo lachinayi limene kulibe. Dulani liwu lomalizalo mwachidule. Chimodzimodzinso *was* asakhale "wozi", *of* asakhale "ovu".

Jambulani timabokosi titatu motsatana papepala. Mufunseni kuti liwu loyamba limalembedwa ndi lembo liti. Anena *s*, alembe m'bokosi loyamba. Lomaliza anena *d*, alembe m'lachitatu. Tsopano muuzeni mosabisa kuti pakatipa ndi pamene mawuwa amanyenga: timamva *e* koma timalemba *ai*. Alembe *ai* m'bokosi lapakati ndi cholembera cha mtundu wina, kapena ajambule kamtima pamwamba pake monga aphunzitsi ena amachitira, kusonyeza kuti kagawo aka kokha ndiko koloweza. Awerenge mawuwo chala chikuyenda pansi pa malembo kuchokera kumanzere. Phimbani, alembe kuchokera m'mutu, vundukulani, adziyerekezere yekha. Achite zimenezi katatu, akutchula maliwu polemba. Apa m'pamene khadi limatuluka, ndipo lisanalowe mu mulu awerenge mawuwo m'ziganizo ziwiri kapena zitatu.

Zonsezi zimatenga mphindi ziwiri kapena zitatu pa mawu amodzi. Mukayang'ana mawu enawo mwanjira imeneyi mupeza kuti gawo lonyenga ndi laling'ono. Mu *they*, mwana akadziwa kale *th*, chotsala ndi *ey*. Mu *of*, chodabwitsa ndi *f* amene akumveka ngati *v*. Mu *was* muli ziwiri, *a* ndi *s* womveka ngati *z*, ndipo *s* woteroyo akumana nayenso mu *is*, *his* ndi *has*, choncho n'kwabwino kumuuza msanga. Mu *come* ndi *some* kunyenga kwake n'kofanana, aphunzire awiriwo tsiku limodzi. Mawu onga *he, she, we, me, be* ndi banja limodzi, *no, go, so* ndi lina, ndipo kuwapatsa khadi lililonse sabata yakeyake n'kutaya nthawi. Amene amakana pafupifupi kotheratu ndi ochepa. *One* ndiye wouma mutu kuposa onse, popeza *n* yekha ndi amene amachita zimene mwana akuyembekezera. Ameneyo mupatseni masiku ake, musamuphatikize ndi mawu ena atsopano.

Pali chinthu chimodzi chimene ndimatsutsana nacho ngakhale chimapezeka m'mabuku ambiri a zochita: kujambula mzere wozungulira mawu kuti mwana aloweze maonekedwe ake, pamene pali potalika ndi pofupika. *Said* ndi *sand* maonekedwe awo akunja ndi amodzi. Njira imeneyi imalimbikitsa chizolowezi chomwe tikufuna kuchotsacho.

Ngati amaiwala pakapita masiku awiri

Apa kawirikawiri vuto ndi mulu. Mwana akakumana ndi makadi khumi amene sakuwadziwa motsatizana, palibe limene limapeza malo. Mulu wa tsiku lililonse ukhale ndi makadi pafupifupi khumi, ndipo atsopano asapitirire awiri. Kwa mwana amene akuvutika kwambiri, limodzi lokha. Kaonetsedwe kake kakhale kotere: latsopano, kenako lodziwika limodzi, latsopano lija kachiwiri, kenako odziwika awiri, latsopanonso, odziwika atatu, mpaka odziwika onse atatha. Mpata pakati pa kuonana ndi mawu atsopanowo ukukula pang'onopang'ono, motero mwana akukakamizika kuwakumbukira m'malo mongobwereza zimene zikadali m'khutu. Odziwikawo muziwasakaniza nthawi iliyonse.

Akakakamira, dikirani masekondi atatu. Musamusiye akulosera mawu anayi asanu, chifukwa cholakwika chimene watchula mokweza chimakakamiranso m'mutu. Lozani malembo amene akutsata lamulo, mumufunse liwu lake, mumukumbutse gawo lonyenga, atchule mawu onse. Khadilo libwerere mu mulu kumbuyo kwa makadi awiri kapena atatu, osati pansi penipeni.

Konzani maenvulopu atatu. Yoyamba ndi ya tsiku lililonse, yachiwiri imatsegulidwa kawiri pa sabata, yachitatu kamodzi pa sabata. Khadi limasamukira mu envulopu yotsatira pokhapokha mwana akaliwerenga mkati mwa masekondi atatu pa masiku atatu osiyana, ndipo tsiku lina mwa amenewo akhale kuti waliwerenga m'chiganizo. Akalakwitsa lili mu yachiwiri kapena yachitatu, libwerere mu yoyamba popanda mlandu. Mphindi zisanu tsiku lililonse zimaposa theka la ola kamodzi pa sabata, ndipo siyani mwana asanatope, osati atatopa.

Kwa mtsikana wathu uja, ndondomeko ingayende motere. *And, can, went* ndi *big* achoka pa makadi, aziwawerenga polumikiza maliwu chala chili pansi pa malembo mpaka kumapeto. Sabata yoyamba atsopano ndi *said* ndi *they*. Yachiwiri ndi *was*, pamene *saw* wabisidwa kaye. Yachitatu ndi *of*, pamene *for* wabisidwa. Mawu anayi m'masabata atatu akuoneka ochepa kwa munthu amene anazolowera makumi awiri, koma makumi awiri ajawo sanalipo.

Mawu amene amasokonezana

*Was* ndi *saw*, *of* ndi *for* ndi *from*, *were* ndi *where*, *want* ndi *went*. Awa akaphunzitsidwa sabata imodzi amalukana, ndipo kuwamasula kumatenga nthawi. Phunzitsani amodzi mpaka afike mu envulopu yachiwiri, kenako enawo mpaka nawonso afike. Pokhapo muwaike pamodzi patebulo mufunse mwana kuti akuloze pamene asiyana. Pa *was* ndi *saw*, aike chala pa lembo loyamba kumanzere atchule liwu lake asananene mawu. Milomo ikazungulira kuti itchule *w*, *saw* sangatulukenso. Ana ena zimawathandiza mukaika kadontho kobiriwira kumanzere kwa makadi awiri onsewo kusonyeza poyambira. Onse awiri, ndikubwereza, chifukwa mukaika pa limodzi lokha kadonthoko kasanduka ngodya yopindika ija.

Ngati muli ndi malembo odulidwa kapena apulasitiki, mupatseni *w*, *a*, *s* atasakanizidwa apange *was*, awasokoneze, apange *saw*. Manja akamasuntha malembo, ndondomeko yake imaoneka kuti ndi nkhani yaikulu.

Masewera amene mwana amapambana osawerenga

Masewera ambiri a makadi ali ndi chibowo, ndipo ana amachipeza tsiku loyamba. Funso loyesera sewero lililonse ndi limodzi: kodi mwana wosadziwa kuwerenga mawuwa angapambane? Ngati angathe, sewerolo likufunika chigamba.

Tengani sewero lovundukula makadi awiriawiri kufuna ofanana. Mwana angathe kufananitsa *where* ndi *where* monga angafananitsire zithunzi ziwiri za mphaka. Ikani lamulo loti khadi lililonse lovundukulidwa liwerengedwe mokweza, ndipo awiri ofanana satengedwa mpaka atawerengedwa. Lembani limodzi pamanja, linzake likhale losindikizidwa, kuti asadalire maonekedwe. Awiriawiri asanu ndi limodzi ndi okwanira, apo ayi sewero limasanduka lokumbukira malo.

Pa bingo, sewero limene woitana amatchula mawu ana n'kumawafuna pabolodi pawo mpaka wina atadzaza mzere, cholakwika chofala n'choti woitana amakweza khadi ana n'kuliona. Akatero ana amangofananitsa. Woitana atchule mawu okha khadi lili chafufumimba. Pabolodi pakhale mawu oyamba ndi lembo lofanana, monga *was, were, where, we*, kuti lembo loyamba lisakhale lokwanira. Wopambana awerenge mzere wake wonse asanavomerezedwe. Ndipo udindo woitana uzizungulira, popeza woitana ndi amene amawerenga kwambiri kuposa onse.

Sewero lothamangira kumenya mawu pakhoma limasangalatsa, koma pagulu limaphunzitsa mwana mmodzi yekha, wofulumira uja amene amawadziwa kale. Wochedwa amaphunzira kuyang'ana dzanja la mnzake. Ngati mukulifunabe, aliyense akhale ndi makadi akeake patsogolo pake, onse akweze nthawi imodzi mutawerenga mpaka zitatu. Mpikisano wa liwiro ndi wa mawu a mu envulopu yachitatu basi. Pa mawu atsopano, kuthamangitsa mwana n'kumulamula kuti alosere.

Masewera awiri amene ndimawakhulupirira ndi osavuta kukonza. Loyamba: makadi ali m'thumba pamodzi ndi awiri ojambulidwa nyenyezi. Osewera amatola mosinthana, wowerenga molondola amasunga khadi, wotola nyenyezi amabweza ake onse m'thumba. Palibe njira yopezera khadi osawerenga, mwayi umachititsa kuti wochedwa nayenso azipambana, ndipo makadi obwererawo amawerengedwanso popanda wodandaula. Lachiwiri ndi la lembo losowa: lembani mawu, mwana atsinzine, fufutani gawo limodzi, atsegule maso alibwezeretse. Yambani ndi kufufuta malembo osavuta, kenako gawo lonyenga lija, pomaliza mawu onse. Limeneli limakakamiza maso kulowa mkati mwa mawu, kumene mwana wolosera safikako.

Kuchoka pa khadi kulowa m'buku

Ngakhale zonsezi zitayenda bwino, mawu sasamuka okha. Tsiku lililonse mukatha makadi, pakhale chiganizo chimodzi kapena ziwiri zimene mwalemba nokha, zokhala ndi mawu a tsikulo ndi ena onse osavuta. Musanatsegule kabuku, muonetseni khadi la mawu amene akumane nawo, awafune patsamba, awerenge chiganizo chonse chimene alimo. Akakakamira pakati pa kuwerenga, musanene kuti "ukuwadziwa amenewa", chifukwa zimangomuwonjezera mantha. Phimbani mawu oyandikana nawo ndi zala kuti otsalawo aoneke okha ngati pa khadi, awerenge, chotsani zala, ayambirenso chiganizo. Muziyang'ananso kalembedwe ka malembo. M'mabuku ambiri *a* ndi *g* osindikizidwa amasiyana ndi amene timalemba pamanja, ndipo *The* wa lembo lalikulu kumayambiriro kwa chiganizo ana ena amamuona ngati mawu ena. Muonetseni mitundu iwiriyo pambali ndi pambali.

Kwa mwana amene Chingelezi si chiyankhulo chake choyamba pali chinanso. Mawu ngati *of*, *the* ndi *were* alibe chinthu chimene mungaloze. Ngati sanawamvepo mokwanira m'zoyankhula, alibe pokolowekera malembowo. Aphunzitseni m'timagulu ta mawu timene tili ndi tanthauzo, monga *a cup of*, *we were* ndi *come in*, ndipo muziwanena pakamwa musanawaonetse.

Pamene vuto si makadi

Bwererani ku zimene mwana analemba pa mayeso aja. Mtsikana wathu analemba *sed*, ndiye maziko alipo. Koma mwana amene pa *said* walemba *s* yekha kapena malembo osagwirizana ndi liwu lililonse, amene sangawerenge *sat*, *pin* kapena *dog* polumikiza maliwu, kapena sangakuuzeni liwu lomaliza la mawu amene mwamutchulira, ameneyo makadi sangamuthandize pakali pano. Sungani awiri kapena atatu ofunika kuti ziganizo zitheke, monga *the*, *I* ndi *to*, nthawi yotsalayo ipite ku maliwu a malembo ndi kulumikiza.

Kutembenuza *b* ndi *d* pa zaka 6 n'kofala, ndipo pakokha si chizindikiro cha vuto lalikulu. Chodetsa nkhawa ndi pamene mwatsata njirayi masiku ambiri pa sabata kwa masabata asanu ndi limodzi, mawu atsopano ali amodzi kapena awiri pa sabata, koma envulopu yachiwiri idakali yopanda kanthu. Apo mwana akayezedwe maso ndi makutu, makamaka ngati amayandikitsa pepala kumaso, amatsinzina diso limodzi powerenga, kapena amadwala makutu pafupipafupi. Kenako kambiranani ndi mphunzitsi wake za kuyezedwa kwa luso lomva ndi kupatula maliwu. Popita kumeneko tengani pepala lija munalembapo zimene mwana ankanena pa mawu aliwonse, pamodzi ndi masiku ake, ndi zimene analemba yekha.